Mpikisano wa mphatso pa intaneti: kalembedwe ka malamulo ndi nthawi yotsekera kuti olowa asasokonezeke

Mpikisano wa mphatso wa pa Facebook kapena Instagram ukavuta, vutolo limaonekera m'makomenti. Wina akufunsa kuti "kodi mwatseka?", wina akufunsa ngati angalembe kawiri, wina akudandaula kuti wopambanayo analemba nthawi itadutsa. Mwini tsamba amathamangira kunena kuti anthu saweranga. N'zoona kuti ambiri amangodutsamo, koma anthu atatu osadziwana akafunsa funso limodzi, cholakwika chili mu kapushoni, mawu amene munalemba pansi pa chithunzi aja. Funso lililonse lobwerezabwereza likukulozerani mzere umene mulibe, kapena umene ungamveke pawiri.

Tiyeni tigwiritse ntchito kapushoni imodzi ngati imene timaiona kawirikawiri. Tiyerekeze kuti tsamba lina logulitsa zikwama lalemba chonchi Lolemba pa 1 Juni 2026:

"MPIKISANO! Takonza zabwino kwa inu otitsatira okondedwa, chifukwa popanda inu sitikanafika pano. Pambanani chikwama cha laputopu! Laikani, titsatireni, tagani anzanu, sheyani. Mukachita zambiri mwayi umachuluka. Titseka Lachisanu pakati pa usiku. Wamwayi tidzamulengeza posachedwa."

Woilembayo akuona kuti zonse zilimo. Koma mwa ziganizo zimenezi, palibe n'chimodzi chomwe chimene chingathetse mkangano pa tsiku losankha wopambana.

Nthawi yotsekera

Apa ndi pamene pamafera mipikisano yambiri, ndiye tikhalapo kanthawi.

Mawu oti "Lachisanu" amamveka bwino kwa munthu amene waiona positi tsiku lomwe yatuluka. Koma mapositi safika kwa anthu motsatira nthawi imene analembedwa. Wina adzaiona patapita masiku 6, mnzake atamutumizira, ndipo kwa iyeyo Lachisanu ndi limene likubweralo. Adzalowa ndi mtima wonse mumpikisano umene unatha kale. Chimodzimodzi mawu ngati "mawa", "sabata ino", "kwatsala masiku atatu" ndi "pakutha pa maola 48". Onsewa amadalira tsiku limene munthu akuwerenga, ndipo tsikulo simukulidziwa. Malo ake ndi m'zolengeza zimene zimafufutika zokha, monga Story imene imatha pakapita maola 24. Mu kapushoni imene idzakhalapo mpaka kalekale, asapezekemo.

Kenako pali "pakati pa usiku". Lachisanu lili ndi pakati pa usiku pawiri: pamene likuyamba, Lachinayi likutha, ndi pamene likutha, Loweruka likulowa. Kusiyana kwake ndi maola 24 athunthu. Wotchi ya pafoni ikamasonyeza 00:00 pa 5 Juni, ndiye kuti tsikulo langoyamba kumene, pamene anthu ambiri akamva "Lachisanu pakati pa usiku" amaganiza za kumapeto kwa tsikulo. Mankhwala ake ndi osavuta: musatseke pa 00:00 kapena pa 12 koloko. Ngati mukufunadi kumapeto kwa tsiku, lembani 23:59. Koma ganizirani kaye ngati inuyo mudzakhale muli maso nthawi imeneyo, chifukwa, monga tionere pansipa, pa mphindi yotsekerayo pali ntchito yoti mugwire. Kutseka 20:00 kumathandiza kwambiri kuposa kutseka usiku anthu onse ali m'tulo, inu nomwe.

Deti lolemba ndi manambala okhaokha nalonso limasocheretsa. Mukalemba 05/06, m'mayiko ambiri awerenga kuti 5 Juni, koma ku United States amayamba ndi mwezi, ndiye awerenga kuti 6 Meyi. Dzina la mwezi lilembedwe m'mawu. Ikaninso tsiku la m'sabata ndi chaka, ndipo yang'anani pakalendala kuti zikugwirizana. Kulemba "Lachisanu pa 6 Juni" pamene 6 Juni ndi Loweruka n'kupereka nthawi ziwiri zotsekera mumzere umodzi, ndipo wochedwa aliyense adzasankha imene ikumukomera. Cholakwika chimenechi chimabwera kwambiri mukakopera kapushoni ya mpikisano wakale n'kusintha deti lokha.

Chomaliza ndi nthawi ya dera. Ngati onse ololedwa kulowa ali m'dziko limodzi la nthawi imodzi, n'zokwanira kulemba kuti "nthawi ya m'dziko muno" n'kutchula dzikolo. Ngati muli ndi otsatira m'mayiko angapo, lembani kuti nthawi yanuyo ikusiyana bwanji ndi UTC, imene ndi nthawi yoyezera ya dziko lonse. Mwachitsanzo, 20:00 ku dera la UTC+2 ndi 18:00 UTC. Kwa munthu wa ku UTC+3 imakhala 21:00, pamene kwa wa ku UTC-5 imakhala 13:00 masana. Womalizayu akaganiza kuti mukunena 20:00 ya kwawo, adzachedwa ndi maola 7 osadziwa. Samalaninso ndi mayiko amene amasintha mawotchi m'nyengo yotentha. London imakhala pa UTC m'miyezi yozizira, koma mu Juni imakhala pa UTC+1, choncho munthu wolemba GMT, imene ndi yofanana ndi UTC, akutanthauza nthawi ya ku London mu Juni waphonya ndi ola limodzi.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, mzere wotsekera umakhala ndi zinthu zinayi: tsiku la m'sabata, deti lonse, ola, ndi dera la nthawi.

"Titseka Lachisanu pa 5 Juni 2026, nthawi ya 20:00 (UTC+2). Komenti yolowa nthawi imeneyi itakwana sidzawerengedwa."

Chiganizo chachiwiricho chingaoneke chosafunika, koma ndicho mudzachiloze munthu akadzabwera ndi "ndinangochedwa ndi mphindi ziwiri zokha".

Nthawi si imodzi, ndi zitatu

Kapushoni ya tsamba la zikwama ija yanena zotseka, kenako n'kuti wamwayi adzalengezedwa "posachedwa". Apa pamabadwa mavuto awiri. Loyamba, anthu amasokoneza tsiku lotseka ndi tsiku lolengeza. Ikangokwana 20:01 inibokisi yadzaza ndi ofunsa kuti wapambana ndani, ndipo pofika mawa lake ena ayamba kulemba poyera kuti mpikisanowo unali wabodza. Lachiwiri, wopambana akapanda kuyankha, mulibe poimira. Mukadikira sabata, ena akwiya. Mukasankha wina, woyamba uja atulukira n'kunena kuti palibe pamene munalemba kuti mphatso imatha ntchito.

Choncho lembani nthawi zitatu, iliyonse pamzere wake: yotsekera, yolengeza, ndi yomaliza kuti wopambana ayankhe. Pakati pa yoyamba ndi yachiwiri dzipatseni mpata wokwanira kufufuza ngati wosankhidwayo anatsatiradi malamulo. Tsiku limodzi kapena awiri amakwana pa mpikisano waung'ono. Nenaninso malo olengezera, kaya ndi komenti pa positi yomweyo kapena positi yatsopano. Kulengeza mu Story mokha n'kolakwika, chifukwa ikafufutika palibe umboni wotsala. Za kuyankha, maola 48 ndi amene ambiri amapereka, koma onjezerani deti lenileni kuti pasakhale kutsutsana za pamene maolawo anayambira. Ndipo nenani chimene chidzachitike akapanda kuyankha: tidzachitanso maere pakati pa otsalawo.

Kulowa n'kutani kwenikweni?

"Laikani, titsatireni, tagani anzanu, sheyani." Wowerenga sakudziwa ngati ayenera kuchita zonse zinayi kapena chimodzi n'chokwanira. Sakudziwa kuti anzakewo akhale angati, komanso ngati awatchule mu komenti imodzi kapena aliyense mu komenti yakeyake. Sakudziwanso kuti asheye kuti.

Muyezo wothandiza pa lamulo lililonse ndi uwu: kodi pa tsiku la maere mudzatha kuona ndi maso anu kuti munthuyu anachitadi zimenezi? Komenti imaoneka. Kutsatira tsamba kumaoneka, mukafufuza dzina lake pamndandanda wa okutsatirani. Koma kusheya mu Story sikutero. Story yoikidwa Lachiwiri imakhala itapita pofika Lachisanu, ndipo ya munthu amene akaunti yake ndi yotseka simungaione ngati simumutsatira. Kusunga positi kapena kutumizira mnzake ku inibokisi ndiye simungadziwe n'komwe kuti anachita ndani. Lamulo limene simungathe kulitsimikizira limalanga okhulupirika okha, ndipo limapatsa olephera chodandaulira. Lichotseni, kapena lisandutseni pempho, n'kunena poyera kuti siliwonjezera mwayi.

Sankhani chinthu chimodzi chimene chidzakhale tikiti, ndipo komenti ndiyo yabwino koposa chifukwa ili ndi dzina ndi nthawi. Zina zonse zikhale zoyenereza chabe: maere achitika pa makomenti, ndipo wosankhidwayo tidzaona ngati akutitsatira. Masitepe asapitirire atatu, ndipo alembedwe ndi manambala, lililonse pamzere wake, pamwamba pake pali mawu oti "chitani zonse ziwiri" kapena "zonse zitatu".

Za kutaga anzanu, pali chenjezo. Malamulo a Facebook okhudza mipikisano ya pa masamba salola kuuza anthu kuti asheye pa Timeline yawo kapena atage anzawo kuti alowe. A Instagram amaletsa kulimbikitsa anthu kudzitaga kapena kutaga ena pa chithunzi chimene iwo mulibe. Kapushoni imodzi siyingangokopedwa kuchoka papulatifomu ina kupita ina osaiunikanso.

Tsopano mawu aja oti "mukachita zambiri mwayi umachuluka". Onani mmene masamu amasinthira. Tinene kuti anthu 100 alemba komenti imodzi aliyense, ndipo munthu mmodzi walemba makomenti 25. Mukachita maere pa makomenti onse 125, munthu mmodziyo ali ndi mwayi wa 25 pa 125, kutanthauza 1 pa 5, pamene ena onse ali ndi 1 pa 125 aliyense. Mukawerenga munthu aliyense kamodzi, onse 101 ali ndi mwayi wofanana. Njira zonse ziwiri n'zotheka, koma ndi mipikisano iwiri yosiyana, ndipo kapushoni iyenera kunena kuti wanuwo ndi uti musanaone amene wapambana. Ife timakonda lamulo loti munthu mmodzi awerengedwe kamodzi. N'losavuta kulifotokoza, ndipo limateteza positi kuti isadzaze ndi makomenti obwereza, amene mapulatifomu ena amawaona ngati sipamu n'kuwabisa kapena kumuletsa kwakanthawi wolembayo. Mukasankha lamuloli, nenaninso chimene chidzachitikire wobwereza: kodi makomenti owonjezerawo angonyalanyazidwa, kapena iyeyo achotsedwa? Kungonyalanyaza n'kwabwino, popeza ena amabwereza chifukwa netiweki inavuta.

Nenaninso kasankhidwe. Maere ndi osiyana ndi kusankha yankho labwino koposa. Mukafunsa anthu kuti "tiuzeni chifukwa chake mukufuna chikwamachi" osanena kuti ndi maere, ena adzalemba ndime zitatu zochokera pansi pa mtima, ndipo adzapsa mtima akadzaona kuti wapambana ndi amene analemba mawu awiri.

Oyenera kulowa nawonso atchulidwe: zaka, ndi dera limene mungathe kutumizako mphatso. Zimapweteka kuuza munthu atapambana kale kuti kwawoko simutumiza, kapena kuti alipire yekha zotumizira. Ngati mukufuna kuti anthu agule kanthu kaye kuti alowe m'maere, dziwani kuti m'mayiko ambiri zimenezo zimaonedwa ngati lotale ndipo zimafuna chilolezo.

Kumene mawu akhala n'kofunika ngati mawuwo

Kapushoni ya pa Instagram imalola zilembo 2,200, koma munthu akamadutsa amangoona pafupifupi zilembo 125 zoyambirira, zotsalazo zimabisika kuseri kwa mawu oti more. Facebook nayo imadula positi yaitali n'kuika See more. Mu chitsanzo chathu chija, malo amtengo wapatali amenewa adyedwa ndi kuthokoza otsatira, ndipo nthawi yotsekera yagwera kumunsi kumene ambiri safikako. Mzere woyamba unene mphatso ndi nthawi yotsekera. Kuthokoza kubwere kumapeto, sikuthawa.

Ngati deti lalembedwanso pachithunzi, lifanane ndendende ndi la mu kapushoni. Kapushoni mungaikonze positi itatuluka, koma mawu a pachithunzi simungawasinthe, ndiye chithunzicho chiwerengeni kawiri musanatumize. Ndipo musadalire linki ya malamulo yoikidwa mu kapushoni ya pa Instagram, chifukwa sidinika. Malamulo ofunika akhale mu kapushoni momwemo.

Nayi kapushoni ija italembedwanso:

"MPIKISANO: pambanani chikwama chimodzi cha laputopu, chakuda, chimene chili pachithunzichi. Titseka Lachisanu pa 5 Juni 2026, 20:00 (UTC+2).

Kuti mulowe, chitani zonse ziwiri:
1. Tsatirani tsamba lino.
2. Lembani komenti pa positi ino yonena chinthu chimodzi chimene simuchisiya mukamapita kuntchito kapena kusukulu.

Munthu mmodzi awerengedwa kamodzi, ngakhale atalemba makomenti angapo. Komenti yolowa 20:00 itakwana sidzawerengedwa. Wopambana ndi mmodzi, ndipo adzasankhidwa mwa maere, osati potengera kukoma kwa yankho.

Ololedwa: a zaka 18 kupita m'tsogolo, okhala m'dziko limene muli shopu yathu. Zotumizira tilipira ife. Mphatsoyi sitisintha ndi ndalama.

Tidzalengeza Lolemba pa 8 Juni 2026, 12:30 (UTC+2), mu komenti pa positi ino. Wopambana atiyankhe ku inibokisi pofika Lachitatu pa 10 Juni 2026, 12:30. Akapanda kutero tidzachitanso maere.

Tidzalemba kuchokera pa akaunti ino yokha, ndipo sitidzapempha ndalama, pasiwedi kapena manambala a khadi la kubanki.

Mpikisanowu sukuthandizidwa, kuvomerezedwa kapena kuyendetsedwa ndi Instagram, ndipo aliyense wolowa akuvomereza kuti Instagram ilibe mlandu uliwonse pa mpikisanowu."

Pamene palembedwa kuti "dziko limene muli shopu yathu", inu mulembe dzina lenileni la dzikolo. Ndime yomalizayo si yokongoletsa, malamulo a Instagram ndi a Facebook amafuna kuti ikhalepo. Ya pamwamba pakeyo ndi yotchinga akuba amene amatsegula akaunti ya dzina lofanana ndi lanu, n'kumalembera olowa mpikisano kuti apambana ndipo adine linki kapena atumize ndalama yotumizira mphatso. Akubawa amapezerapo mwayi makamaka pamene tsiku lolengeza silinanenedwe, chifukwa aliyense amakhala akuyembekezera uthenga nthawi ina iliyonse.

Musanatumize, patsani munthu amene sanamvepo za mpikisanowu kuti awerenge kamodzi, kenako mum'funse osayang'ananso: utseka liti, ungalowe bwanji, ungalembe kangati, udzadziwa liti zotsatira? Akakayikira pa funso lina, konzani mzere umenewo. Musam'fotokozere pakamwa, chifukwa olowa mpikisano sadzakhala nanu pafupi.

Pa mphindi yotsekera

Kulemba 20:00 n'kosavuta, kutsimikizira ndiye kumavuta. Mapulogalamu a pafoni sasonyeza ola lenileni la komenti. Amangolemba zinthu ngati 5h, 2d kapena 1w, ndipo pofika Lolemba komenti ya 19:50 ndi ya 20:20 zidzaoneka chimodzimodzi. Pa Facebook ya pakompyuta mungaloze mausi pa kanthawi kameneko kuti muone deti ndi ola, koma kuchita zimenezi pa makomenti mazanamazana ndi ntchito yotopetsa.

N'chifukwa chake muyenera kukhalapo. Nthawi ikangokwana, lembani komenti yanu yoti "Tatseka, 5 Juni, 20:00" ndipo muipine pamwamba. Sinthani mzere woyamba wa kapushoni poika mawu oti WATSEKEDWA kutsogolo, osafufuta china chilichonse. Kenako sungani mndandanda wa olowa nthawi yomweyo, pojambula sikirini mukutsika m'makomenti kapena pokopera mayina. Pa Facebook yambani mwasintha kaonekedwe ka makomenti kuchoka pa Most relevant kupita pa All comments, apo ayi ena adzabisika ndipo adzasiyidwa m'maere popanda chifukwa. Pa Instagram musathamangire kudina Turn off commenting musanasunge mndandanda, chifukwa kutero kumabisa makomenti onse amene alipo mpaka mutatsegulanso.

Mukazindikira cholakwika mpikisano uli mkati

Nthawi zina positi yatuluka kale, anthu makumi angapo alowa, ndiyeno mwaona kuti munalemba "Lachisanu pa 6 Juni". Musakonze mwakachetechete. Instagram imaika mawu oti Edited pa kapushoni yosinthidwa, Facebook imasunga mbiri ya zosintha, ndipo nthawi zonse pamakhala wina amene anajambula sikirini. Kusintha kobisa kumasandutsa kulakwitsa wamba kukhala chinthu chooneka ngati chinyengo.

Konzani poyera, ndipo pamene mawu anu anamveka pawiri, tengani tanthauzo lokomera olowa. Ngati panali masiku awiri, sankhani lakumapeto, Loweruka pa 6 Juni, chifukwa palibe amene ataye mwayi wake potero. Ngati simunanene kuti munthu alembe kangati, nenani tsopano, ndipo amene anabwereza asachotsedwe. Lembani pamwamba pa kapushoni kuti "Zakonzedwa pa 2 Juni: titseka Loweruka pa 6 Juni 2026, 20:00 (UTC+2)", bwerezani zomwezo mu komenti yopinidwa, ndipo muyankhe amene anafunsa kale. Kufupikitsa nthawi, kuwonjezera sitepe yatsopano kapena kusintha mphatso mpikisano utayamba, zimenezo musachite.

Nanga kutalikitsa nthawi chifukwa olowa ndi ochepa? Kumaoneka ngati kukoma mtima, koma amene analowa pa nthawi yake mwawachepetsera mwayi. Anali 40 pa mphatso imodzi, tsopano akhala 90. Ngati palibe chimene chinalakwika mu kapushoni, tsekani pa nthawi imene munalonjeza, perekani mphatsoyo kwa mmodzi mwa 40 aja, ndipo mpikisano wotsatira muupatse masiku ochulukirapo kuyambira pachiyambi.